Mkaidi akati "inde" wavomeradi? Za kafukufuku wa kundende ndi wa anthu ochitiridwa nkhanza

Ikamafika nyengo ya ma disetesheni sipalephera kubwera ophunzira awiri atatu, a kiriminoloje kapena sosholoje kapena malamulo, ndi mutu wofanana: akufuna akacheze ndi akaidi ku Chichiri, kapena ndi azimayi omwe anamenyedwa ndi amuna awo. Mutuwo ulibe vuto. Koma ndikati tandionetsani fomu yopemphera chilolezo, amatulutsa pepala lachingerezi lomwe anakopera kwa mnzawo yemwe anafufuza za mavenda a mu Limbe, angosintha mutu basi. Mmunsi muli ziganizo ziwiri zija zomwe aliyense amalemba, zoti mukutenga nawo mbali mwakufuna kwanu, ndi zoti zonse zimene munene zikhala zachinsinsi. Kwa venda wa mu Limbe zimenezi nzoona. Kwa munthu amene akugona m'selo ziganizo zonse ziwirizi zitha kukhala bodza, olo wolembayo asakhale ndi mtima wonamiza munthu.

Poyamba pali makalata, ndipo apa sindichedwapo chifukwa supavayiza aliyense amawadziwa. Pulopozo imayenera kudutsa ku komiti yoona kuti kafukufuku asavulaze anthu. Ku yunivesite ya ku Zomba kuli UNIMAREC, kuno ku Blantyre za umoyo zimapita ku COMREC, ndipo pa dziko lonse za chikhalidwe cha anthu zimaonedwa ndi NCRSH yomwe ili pansi pa NCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi kafukufuku. Kenako pamafunika kalata yochokera ku likulu la ndende ku Zomba, kenako bwana wamkulu wa ndende imene mukupitayo. Vuto ndi loti wophunzira akagwira makalata atatu a zidindo amaona ngati wamaliza. Makalatawo angokutsegulirani geti. Palibe ndi imodzi yomwe imene yayankhula mmalo mwa munthu amene mukufuna kumufunsa mafunsoyo. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 19, amanena kuti munthu asamachitidwe zoyeserera zachipatala kapena zasayansi iye asanalole, ndipo gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu. Samati kupatula mkaidi.

Zoti akaidi aziwaganizira mwapadera sizinangobwera. Malamulo a ku Nuremberg a 1947 anabadwa chifukwa cha zomwe madotolo a chipani cha Nazi anachita kwa anthu omwe anawatsekera m'misasa, ndipo mfundo yake yoyamba ndi yoti munthu alole yekha mosakakamizidwa. Ku Amerika, pa ndende ya Holmesburg mu mzinda wa Philadelphia, dotolo wa khungu Albert Kligman anayesera mankhwala pa akaidi kuyambira 1951 mpaka 1974, ndipo akaidi ambiri ankabwera okha chifukwa ankalipidwa ndalama yomwe sakanaipeza kwina mkatimo. Apo ndi pomwe pali phunziro lathu. Sikuti anawagwira pakhosi, koma munthu amene alibe chilichonse ukamuonetsa kanthu kakang'ono, "inde" wake sulemera ngati wa munthu wa panja. Munganene kuti ine sindibaya munthu jakisoni, ndingofunsa mafunso. Zoona, koma mafunso nawo amatha kumangitsa munthu kapena kumumenyetsa.

Tiyeni titenge chitsanzo tichiyende bwinobwino. Tinene kuti mtsikana wa chaka chachinayi akufufuza chifukwa chake anthu amakhalitsa pa rimandi mlandu wawo usanalowe m'khoti, ndipo akufuna anthu 12. Wafika pa ndende ina mmawa, foni wasiya pa geti, msilikali wa ndende wamulandira bwino ndithu, wamupatsa mpando mu ofesi, nkumuuza kuti dikirani chemwali tikubweretsereni. Patapita mphindi zochepa nyapala, mkaidi uja amayang'anira anzake m'selo, akubwera ndi anthu 12 pa mzere, anjuta pakhonde. Mtsikana uja wasangalala, zatheka tsiku limodzi. Aliyense wamuwerengera fomu, aliyense wadinda chala.

Pamenepa palibe amene wavomera. Munthu waitanidwa ndi nyapala, yemwe ali ndi mphamvu pa malo ogona usiku m'selo yothinana, nyapalayo watumidwa ndi msilikali, ndiye akane bwanji? Komanso amene asankhidwa ndi aja akuluakulu akuwadziwa kuti sayankhula zambiri, ndiye ngakhale zotsatira za kafukufukuyo zapotoka kale. Mmene mungadziwire kuti zalakwika sizovuta. Mayankho amafanana ngati anachita kuloweza, "tikukhala bwinobwino madamu". Maso amathamangira kuchitseko funso lililonse lisanayankhidwe. Ndipo pomaliza, mukati muli ndi funso, munthu amafunsa kuti ndiye mlandu wanga ulowa liti, kapena mukandinenereko kwa a majisitireti za belo. Funso limeneli likabwera dziwani kuti munthuyo nthawi yonseyi amaganiza kuti ndinu loya, kapena wa bungwe lothandiza akaidi ngati PASI kapena CHREAA, pakuti mlendo wovala bwino wonyamula fayilo kundende nthawi zambiri amakhala wa zimenezo. Wayankha mafunso anu ngati malipiro a thandizo lomwe simudzapereka.

Nde mtsikanayu akanatani? Choyamba akanapempha kuti ayankhule yekha kwa gulu lonse la a rimandi, m'Chichewa, mphindi zisanu, kunena kuti ndine mwana wasukulu, sindine loya, sindine wa boma, kuyankhula nane sikufupikitsa mlandu wanu ndipo kukana sikuutalikitsa. Kenako iye ndi amene asankhe mayina, mwina potenga dzina lachisanu lililonse pa mndandanda, osati kusiyira nyapala. Chachiwiri, ndipo ichi ambiri sachiganiza, nchoti munthu akhale ndi njira yokanira popanda wina kuona kuti wakana. Ngati ovomera akukhala mphindi 40 ndipo wokana akutuluka patatha mphindi imodzi, aliyense pakhonde wadziwa. Ndiye aliyense woitanidwa azikhala kanthawi, olo wakana, mucheze za Bullets ndi Wanderers kapena za mvula, atuluke ngati wina aliyense, ndipo inu musapereke kwa msilikali mndandanda wa amene avomera ndi amene akana.

Malo okhalira nawo ndi nkhani. Akuluakulu a ndende sangalole kuti mutsekeredwe awiri m'chipinda, ndipo akunena zoona, chitetezo chanu ndi udindo wawo. Chomwe mungapemphe nchoti msilikali aziona koma asamve. Pansi pa mtengo pabwalo iye ali chapatali, kapena mu ofesi chitseko chili chotsegula iye ali panja. Akakana nkuti akhala pompo pambali panu, musapitirize ndi mafunso okhudza chakudya, kumenyedwa kapena khalidwe la asilikali, chifukwa yankho loona limuika munthuyo pamoto ndipo labodza lilibe ntchito kwa inu.

Mukamaliza kufotokoza musafunse kuti mwamva? Aliyense amati eya. Mufunseni kuti abwereze m'mawu ake: achimwene, mukakana kucheza nane chichitike ndi chani? Ine ntchito yanga ndi yotani? Akati mwina mundithandiza ku khoti, yambiraninso. Za chidindo cha chala nazo muziganize, munthu amene ulendo womaliza kudinda chala kunali kupolisi pa sitetimenti yomwe sanaiwerenge, mukamutulutsira inki mtima umagunda. Makomiti amatha kulola chilolezo cha pakamwa ngati mwafotokoza chifukwa mu pulopozo, makamaka pamene pepala losayinidwalo ndi lokhalo lomwe lingalumikize dzina la munthu ndi kafukufuku wanu. Koma zimenezi mupemphe kale, osati kukasintha muli konko. Ndipo mboni ya munthu wosadziwa kuwerenga isakhale msilikali kapena nyapala.

Pa nkhani ya sopo anthu amatsutsana, ine maganizo anga ndi awa. Kupita manja lendelende kwa anthu amene akusowa sopo, nkuwatengera ola lathunthu, nkumapita kukalandira digiri, sizokoma. Koma sopo akakhala wa okhawo amene avomera, mwagula "inde" uja. Njira yabwinoko ndi kupereka kwa aliyense amene waitanidwa, wovomera ndi wokana yemwe, kapena kupereka katoni ku selo yonse kudzera mu ofesi, osalengeza kale ngati nyambo. Ndipo funsani nthawi ya chakudya. Mlandu wa Gable Masangano womwe khoti linagamula mu 2009 unaika poyera za kuthinana ndi kuchepa kwa chakudya m'ndende zathu, ndiye ngati nsima ikubwera kamodzi patsiku ndipo inu mwamugwira munthu ndi mafunso nthawi imeneyo, mwamugoneka ndi njala. Chimodzimodzi nthawi imene abale ake abwera kudzamuona kuchokera ku Thyolo atalipira minibasi.

Tsopano chiganizo chachiwiri chija, zonse zikhala zachinsinsi. Apa nde pamene ndimalimbana kwambiri ndi ophunzira. Zimene munthu wauza loya wake malamulo amaziteteza. Zimene wauza mwana wasukulu wonyamula kope sizili choncho, khoti litafuna kope lanulo kapena rekoda litha kuyitanitsa. Izi zinachitikapo kwina. Mu 1993 wophunzira wa sosholoje pa Washington State University, Rik Scarce, anakhala m'ndende masiku 159 chifukwa chokana kuulula ku khoti zomwe anamva kwa anthu amene ankawafufuza. Ndipo ku Boston College anajambula anthu omwe anamenya nawo nkhondo ya ku Northern Ireland atawalonjeza kuti matepi satuluka mpaka iwo atamwalira, koma kuyambira 2011 apolisi anawafuna kudzera m'makhoti ndipo ena mwa matepiwo anaperekedwa. Ngati yunivesite yolemera ngati imeneyo inalephera kusunga lonjezo, inu ndi laputopu yanu ku hositelo musalonjeze zomwezo.

Kwa munthu wa pa rimandi izi nzoopsa kuposa kwa amene anagamulidwa kale, chifukwa mlandu wake sunathe. Tibwerere kwa mtsikana uja. Ali ndi bambo wina, akufunsa za masiku omwe wakhala osapita ku khoti, bamboyo wamasuka, nkuyamba kuti "chilungamo chake madamu, usiku umene uja tinalipo atatu, ine ndinango..." Apa amudule, mwaulemu koma msanga: pepani bambo, za mlandu wanu weniweniwo musandiuze, zimenezo ndi za loya wanu kapena a Legal Aid, ine ndikufunsa za kudikira kokha. Ngati rekoda inaloledwa ayimitse, ndipo asalembe. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kumva, nkhani yokoma ndi imeneyo kumene, koma mutu wake ndi kuchedwa kwa milandu, sakufunikira kudziwa amene anaswa chitseko. Chinthu chimene simunamve palibe angakukakamizeni kuchinena. Nchifukwa chake chenjezoli limanenedwa koyambirira, mafunso asanayambe.

Koyambirira komweko munenenso zinthu zomwe simudzasunga. Kawirikawiri ndi izi: munthu akanena kuti akufuna kudzipha, akufuna kuvulaza wina, kapena pali mwana amene akuchitiridwa nkhanza panopa. Akuluakulu a ndende nawo amatha kuika lamulo lawo, monga za mapulani othawa. Mugwirizane ndi supavayiza ndi komiti kuti zikatero mudzauza ndani, ndipo munthuyo amve mndandandawo asanatsegule pakamwa, kuti asankhe yekha zonena. Kumuuza pambuyo poti wanena kale ndi kumutchera msampha.

Ine zinandionekerapo pa geti ya ndende ina, zaka zapitazo. Ndikutuluka, msilikali anatenga kope langa kuti aone ngati sindikutulutsa makalata a akaidi, yomwe ndi ntchito yake, nkuyamba kutsegula masamba uku akuseka, "nde akuti chani anyamatawa?" Pa tsamba lina ndinali nditalemba dzina loyamba la munthu, nambala ya selo, ndi dandaulo lake pansi pake. Mwamwayi zolemba zanga ndi zokhotakhota ndipo anabweza asanawerenge, koma ndinatuluka thukuta mpaka pa siteji. Kuyambira tsiku limenelo m'kope simulowa dzina, mumalowa nambala basi, ndipo pepala lolumikiza nambala ndi dzina silipita nawo kundende, limakhala kwina kokiyidwa. Funso la "akuti chani" limabwera nthawi zonse, ndiye khalani ndi yankho lokonzeratu, loti tidzapereka lipoti la onse pamodzi tikamaliza bwana.

Kuchotsa dzina pakokha sikukwanira. Mukalemba kuti mayi wa zaka 52, yemwe anali mphunzitsi, wa ku Chirimba, ali pa mlandu wakupha, mwamutchula kale, chifukwa mbali ya azimayi m'ndende zathu imakhala ndi anthu ochepa ndipo aliyense wogwira ntchito kumeneko amuzindikira pa mzere woyamba. Lembani kuti mayi wa zaka za m'ma 50, ntchito ndi dera musiye, ndipo mukamayesa dzifunseni ngati msilikali wa pa ndendepo atawerenga angaloze munthu. Zojambula musatumizirane pa WhatsApp, musapereke kwa wotayipa wa pa tauni kuti akulembereni, foni isazikweze yokha ku Google Drive ya banja lonse, fayilo ikhale ndi pasiwedi ndipo mukamaliza kulemba mawuwo mufufute pa tsiku lomwe munalonjeza komiti. Intaviyu ya pagulu kundende ndiye ine sindiilimbikitsa nkomwe pa nkhani zovuta, inu mutha kusunga chinsinsi koma anthu asanu ndi awiri enawo akagona selo imodzi usiku womwewo.

Kwa ochitiridwa nkhanza kulibe geti koma mantha ndi omwewo, kungoti woopedwayo ali kunyumba. Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri ndi cha kapezedwe ka anthu. Wophunzira amapita ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku bungwe lina nkupempha manambala a foni a azimayi omwe anadandaula. Olo wina atakupatsani, musalandire. Mayiyo anapereka nambala yake kuti athandizidwe, osati kuti mwana wasukulu adzamuimbire, komanso mabanja ambiri foni ndi imodzi ndipo woyankha atha kukhala bambo yemweyo. Tangoganizani, "halo, ndikufuna mayi aja anakadandaula za kumenyedwa". Njira yake ndi yoti wogwira ntchito amene mayiyo amamudziwa kale amufunse ngati angafune kucheza nanu, amutsimikizire kuti thandizo lake silisintha akakana, ndipo mayiyo ndi amene anene nthawi ndi malo.

Bungwe la WHO linatulutsa malangizo mu 2001 okhudza kafukufuku wa nkhanza za m'banja, ndipo mfundo zake zimagwira bwino ku Ndirande kapena ku Bangwe komwe nyumba ndi zogundizana, khoma limamva. Kwa apabanja ndi aneba kafukufukuyo azidziwika ndi dzina lina losaopsa, monga za umoyo wa amayi, ndipo mutu weniweni aziuzidwa mayi yekhayo muli awiri. Pa nyumba imodzi muzifunsa mayi mmodzi basi, kuti wina asadziwe mafunso omwe mnzake wafunsidwa. Muzikhalanso ndi mafunso ena apambali, a za kadyedwe kapena sikelo ya ana, oti munthu akalowa mwadzidzidzi musinthire pomwepo, ndipo mayiyo mumuuziretu kuti ndikadzayamba kufunsa za phala musadabwe. Fomu yolembedwa mutu wa nkhanza musamukakamize kupita nayo kunyumba komwe ingapezeke m'chikwama.

Anthu amaopa misozi, koma kulira pakokha si chizindikiro choti mwavulaza munthu, ena amapepukidwa kuti wina wamvetsera osawaweruza. Akalira imani, dikirani, mufunseni ngati akufuna kupuma, kudumpha funsolo kapena kusiya. Choopsa ndi munthu amene wangoti zii, maso ali pamodzi, akunjenjemera kapena akuyankha ngati sali pano, pamenepo siyani basi olo mafunso atsale khumi. Musafunse kuti bwanji simunathawe, kapena munavala chani, amenewo ndi mafunso omwe wamva kale kwa apongozi ndi ena onse. Musafunsenso tsatanetsatane wa zomwe zinachitika pathupi ngati mutu wanu ndi wa mmene apolisi anamulandirira. Ndipo ngati mlandu uli m'khoti iye ndi mboni, kumubwerezetsa nkhani ya tsikulo kutha kusokoneza umboni wake, ndiye dikirani uthe kapena pewani mbali imeneyo.

Musanayambe intaviyu yoyamba mukhale mutadziwa kotumiza munthu, ndipo mupiteko nokha mukaone ngati kukugwiradi ntchito. Kuno ku Blantyre kuli Chikwanekwane ku chipatala cha Queens komwe wogwiriridwa amapeza achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu malo amodzi, ndipo mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiye munthu akakuuzani za dzana lomweli intaviyu ithere pomwepo muyambe za thiransipoti. Za ana pali nambala yaulere ya 116. Koma kunena zoona wophunzira wa digiri yoyamba ndimamuuza kuti ana awasiye, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, pamafunika chilolezo cha kholo kapena womulera, ndipo nthawi zina womulerayo ndi amene anapalamula. Funsani ogwira ntchito ndi anawo mmalo mwake, disetesheni ituluka bwinobwino. Inunso mukhale ndi munthu wokamba naye mukabwerako, osapanga ma intaviyu otere asanu tsiku limodzi, awiri akwana.

Pa fomu ija pamakhalanso chiganizo choti mutha kusintha maganizo nthawi ina iliyonse, ingoimbani nambala iyi. Mkaidi alibe foni, ndipo mayi uja sangaimbe bambo ali pompo. Mtsikana wathu uja anayenera kunena tsiku lenileni, kuti Lachinayi la sabata yamawa ndibweranso, ndidzaitana aliyense amene ndinacheza naye mmodzimmodzi, ndipo amene wagona nazo nkuona kuti anayankhula zambiri adzandiuze ndidzang'ambe masamba ake iye akuona. Aziuzanso anthuwo mwezi womwe adzapereke disetesheni, chifukwa ikangolowa mu laibulale palibenso chochotsa. Ulendo wachiwiriwo uzilowa mu bajeti ndi m'kalata yopempha chilolezo ku Zomba kuyambira pachiyambi, apo ayi pa geti adzamuuza kuti kalata yanu inali ya tsiku limodzi chemwali.